Ndowa Imene a Malume Sanalandire

Chimene sindinachimvetse pa mayi Callista Jailosi n'chakuti ankatha kukhala tsiku lathunthu m'sitolo yopanda wogula, nkhope ili phee, ngati munthu amene wadya kale. Ndinawafunsapo kamodzi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwabwera kudzagula kapena kudzausa?" Ndinali nditabwera kudzausa, choncho nkhani inathera pomwepo.

Anabadwira ku Magaleta. Sukulu analekeza Fomu 2, anakwatiwa, mwamuna n'kumwalira, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi ankagulitsa mbatatesi ndi manachesi mumsika wa pa Neno boma. Sindikunena kuti anali munthu wapadera. Kutchalitchi ankafika nyimbo yoyamba itatha, ndipo moni wawo unali waufupi.

Sitolo imene ndikunenayi inali pafupi ndi msika, ya chitseko chimodzi ndi khonde la mthunzi wabwino, pamene ife opuma ntchito tinkakhala. Munali mabulangete, zitenje, mapoto, maketulo ndi ndowa zapulasitiki. Nyumbayo inali ya malume awo, a Nathan Limbani a ku Ligowe, mlimi komanso mkulu wa mpingo. Poyamba ankayendetsa sitoloyo anali mchimwene wa mayi Jailosi, dzina lake Gabriel.

Gabriel anali ndi katoni yake. Pa 25 mwezi uliwonse ankaipachika pakhomo, italembedwa ndi makala kuti MTENGO WAGWA, ndipo inkakhalapo mpaka pa 1. Mwezi woyamba anthu anadzaza, ndipo iye anagula nsapato zatsopano. Pofika mwezi wachisanu, boma lonse linali litaphunzira. Munthu ankabwera pa 10, kutenga poto, kumugogoda, kumuyang'ana kunsi, kenako n'kumubisa kuseri kwa anzake kuti adzamupeze pa 25. Ine ndemwe ndinapirira masiku khumi ndi asanu ndi anayi ndi ketulo yodontha. Katundu ankatuluka ndithu, koma pafupifupi yense ankatuluka pa mtengo wakugwa, ndipo wina uja wolembedwa pa shelefu unangosanduka chokongoletsa. Chaka chachiwiri chisanathe, Gabriel anapita ku Joni.

A Limbani anapereka makiyi kwa mayi Jailosi ife tikuona.

"Iwe Callista, nyumbayi ndi yanga," anatero. "Ukandichititsa manyazi ndidzatenga makiyi anga. Jeffrey alipo, akungokhala."

Jeffrey anali mwana wawo woyamba, bambo wa ana atatu, ndipo ankangokhaladi.

"Ndamva, a malume," anatero mayi Jailosi. Katoni ija anaiyatsira mbaula tsiku lomwelo.

Pa 25 anthu anabwera monga mwa nthawi zonse. Kutsogolo kunali mayi Ethel ophika mandasi, amene anali atabisa poto wamkulu kuyambira pa 6.

"Kodi asisi, katoni ili kuti?"

"Ndinaphikira tiyi."

"Ndiye mtengo ugwa liti?"

"Mtengo uwu uli ndi mizu, amayi."

"Eti! A Gabriel anali munthu."

"Anali munthu, n'chifukwa chake ali ku Joni."

Mayi Ethel anatuluka opanda poto. Ena onse anawatsatira, akuuzana kuti ayi, achita mwezi wamawa, akungofuna kutiyesa. Mwezi wamawawo sanachite. Wotsatirawo sanachitenso. Miyezi itatu imeneyo ndi imene ndinkawaona atakhala phee m'sitolo yopanda munthu. A Limbani anabwera kawiri pa njinga yamoto, n'kuyang'ana mashelefu odzaza, n'kufunsa ngati katunduyo ndi wogulitsa kapena wachionetsero. Kenako chisanu chinafika. Kuno kumapiri chisanu cha mu Juni sichidziwa deti. Anthu anayamba kugula mabulangete pa 3, pa 11, pa 17, akung'ung'udza. Poto wa mayi Ethel anabooka ndipo anadzagula uja anabisa uja, Lachiwiri wamba.

Vuto linabwera chisanu chitatha. Munatsala mabulangete makumi anayi, ndipo denga la sitolo linali litaola moti amisiri anayenera kulisasula mvula isanayambe. Katundu anafunika kuchepa. Pakhonde aliyense anali ndi nzeru. A Lucius, amene anapuma ntchito ya umesenjala ku khonsolo, anati njira ndi imodzi basi.

"Gwetsani mtengo, mayi. Kamodzi kokha."

"Ndikagwetsa mu Ogasiti uno," anatero mayi Jailosi, "chaka chamawa mudzafunda masaka mpaka Ogasiti."

"Ife? Ayi."

"Inuyo a Lucius mungafunde ngakhale nyuzi."



Zimene mayi Jailosi anachita ndi izi. Kuseri kwa sitolo kunali mulu wa ndowa zazing'ono zobiriwira zimene Gabriel anaoda zambiri, ndipo sizinkayenda. Mtengo wa ndowa imodzi unali wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa bulangete. Lolemba m'mawa, osauza munthu aliyense dzulo lake, anapachika pepala lolembedwa bwino:

TIKUSASULA DENGA. MTENGO WA BULANGETE NDI WOMWE UJA. WOGULA BULANGETE ALANDIRA NDOWA YA PULAIZI. KUTHA LOWERUKA 12 KOLOKO MASANA.

Pulaizi aliyense amaidziwa. Ukagula mulu wa tomato, wogulitsa amakuikira mmodzi pamwamba, ndipo palibe amene amapita kunyumba n'kukanena kuti tomato watsika. Mayi Jailosi anali atakhala mumsika zaka khumi ndi chimodzi.

Chinanso chimene anachita chinatidabwitsa. Anatumiza uthenga pafoni ndi pakamwa kwa onse amene anagula bulangete m'chisanu chija kuti abwere adzatenge ndowa zawo sabata yomweyo. A Lucius anati uku n'kutaya katundu. Mayi Jailosi anati wogula msanga akaona kuti wochedwa wapindula kumuposa, sadzagulanso msanga. Ine ndinali nditagula langa mu Juni. Ndinalandira ndowa, ndipo ndinayenda nayo mumsewu mosadziwa poigwira.

Sabata imeneyo kunabwera anthu ochokera ku Ligowe ndi ku Magaleta komwe. Ena ankafuna kuti ndowa ikhale, awachotsereko ndalama yake pa mtengo. Ankawayankha kuti pulaizi sasinthitsa. Ena, ophunzitsidwa bwino ndi Gabriel, anaganiza zodikira, poti tsiku lomaliza limakhala ndi mng'ono wake. Loweruka belu la 12 koloko litalira kutchalitchi, mayi Jailosi anachotsa pepala lija, n'kulipinda, n'kubweza ndowa zotsala pa shelefu ndi mtengo wake. Mabulangete anatsala asanu ndi limodzi.

A Limbani anafika Lolemba, amisiri ali kale pamwamba. Uthenga wa pulaizi anali ataulandira Lachitatu. Anaimika njinga, n'kutipatsa moni, n'kulowa. Pakhonde tinalipo anthu asanu ndi atatu, kuphatikizapo atatu mwa odikira aja, ndipo tonse tinapeza chifukwa choyang'ana mkati.

"Ndipatse bulangete lofiiralo," anatero. Analipira osanenerera. Kenako anaimabe. "Ndowa yanga?"

"Zinatha Loweruka, a malume."

"Zatha bwanji? Si izo zili apozo?"

"Zimenezo n'zogulitsa."

"Callista, ine ndinali ku msonkhano wa mpingo."

"Msonkhano unali Lachisanu, a malume."

"Ukundiwerengera masiku?"

"Ayi. Ndikungoti pepala linati Loweruka."

"Pepala! Ndinakulipirira fizi ndine kapena pepala?"

"Ndinu."

"Nyumba ino ndi ya pepala?"

"Ndi yanu."

"Ndiye?"

Mayi Jailosi anayang'ana pakhonde. Odikira atatu aja anali ataimirira kale, mmodzi dzanja lili m'thumba. Aliyense wa iwo anali ndi msonkhano wake woti anene, maliro ake, mwendo wake wotupa. Ndipo pofika madzulo boma lonse likanadziwa kuti Loweruka la mayi Jailosi limafika mpaka Lolemba.

"A malume," anatero motsitsa mawu, "kunyumba kwanga kuli ndowa yachitsulo yatsopano. Ndikubweretserani ndekha ku Ligowe."

"Sindikupempha ndowa ine. Ndili nazo zisanu ndi ziwiri. Ndikufuna pulaizi yanga, pano, anthu akuona."

"Imeneyo ndiye palibe."

Amisiri pamwamba anasiya kukhoma. A Limbani anatenga bulangete lawo, n'kulimanga pa njinga mosamala kwambiri, mfundo zitatu. Potsanzika anatchula aliyense wa ife ndi dzina, kupatula mwana wa mlongo wawo. Odikira aja anakhalanso pansi. Mmodzi anadzagula bulangete Lachinayi, ndipo za ndowa sanazitchule.

Ndiyenera kulemba zoona, ngakhale zikumveka ngati kuyamikira. Kuchokera pamenepo anthu anasiya kufunsa za deti. Amene ankafuna kudziwa za pulaizi ina ankayang'ana kudenga, n'kupeza malata atsopano amene amisiri anati akhala zaka makumi awiri. A Lucius anafunsapo ngati simenti yapansi sikufunika kukonza. Anauzidwa kuti ili bwino. Mu Novembala mayi Jailosi anachitanso china, cha masiku awiri okha: wogula zitenje ziwiri, telala wa pakhonde amupindira m'mphepete ulere. Chifukwa chake chinali chakuti telalayo anali atangoyamba kumene ndipo ankafuna kudziwika. Palibe anachiyembekezera, ndipo sichinabwerenso. Mapoto ankagulidwa tsiku limene abooka akale.

Nkhani ya ndowa inayenda m'banja mwakachetechete. Akuti inakambidwa pa chinkhoswe ku Ligowe, ndiponso pambuyo pa mapemphero a Lachinayi. Alongo awo a a Limbani, mayi ake a Callista, anatuma mawu kuti akapepese. Mayi Jailosi anapita, atanyamula ndowa yachitsulo ija ndi nkhuku. Nkhuku inalandiridwa. A Limbani anati kupepesa kwenikweni n'kwakuti awapatse ndowa yobiriwira pakhonde pomwe paja, tsiku la msika. Mayi Jailosi anati akhoza kuwagulitsa.

Mu Januwale a Limbani anabwera ndi Jeffrey. Sanakweze mawu. Anati sitolo ikuyenda bwino tsopano, moti ngakhale Jeffrey angaikwanitse. Mayi Jailosi anapempha sabata imodzi, ndipo anapatsidwa. Katundu amene anali wawo anamulongedza m'mabelo anayi. Ambiri tinkaganiza kuti pomaliza penipeni agwetsa mtengo kuti apepukidwe, ndipo kunabwera anthu ndithu, mayi Ethel ali kutsogolo.

"Asisi, poti mukupita, ketulo iyi simungandiganizire?"

"Ndakuganizirani. Mtengo ndi womwe uja."

Mayi Ethel anaseka mpaka kukhala pa thumba la makala, kenako anaigula.

Lachitatu m'mawa mayi Jailosi anapereka makiyi kwa Jeffrey, n'kumuonetsa mmene loko amavutira. Mabelo anakwezedwa pa minibasi yopita ku Blantyre. Kondakitala ananena pambuyo pake kuti mayi Jailosi sanafike ku Blantyre, anatsikira panjira, pamphambano pamene panali lole itaima, koma sanaone kumene loleyo inaloza. Ena amati ali ku Mwanza, ena ku Balaka, ena amati anawoloka malire. Mayi awo akafunsidwa amangoti amaimba foni.

Ine ndinali pa siteji tsiku limenelo. Mayi Jailosi atakhala pampando wa pawindo ndinawafunsa kumene akupita. Anati, "Aphunzitsi, bwererani pamthunzi, dzuwa lakula." Minibasi inanyamuka isanadzaze.