Nambala ya puloti yongoganizira

Ku ofesi yathu ya ku City Centre tinkajambula ndi makina a sikana mafayilo akale a mapuloti, kompyuta n'kumawerenga zilembozo. Bambo wina wachikulire ankakonza zimene yatulutsa, ine n'kumatsimikizira pomaliza.

Ndinawapempha kangapo kuti chilembo chikakhala chofufutika asamaganizire, azingoikapo chizindikiro cha funso kuti ndizithamangira pomwepo. Iwo ankati tsamba lodzaza mafunso limaoneka ngati ntchito ya munthu waulesi. Masamba awo ankabweradi oyera bwino.

Tsiku lina ndinayerekeza nambala ya puloti ina ya ku Area 43 ndi pepala lake lenileni. Iwo analemba 8, koma papepalapo inki inali itatha, mwina anali 3.

"Bambo, apa munaona 8?"

"Amafanana naye, mayi."

"Malo ena amene munaganizira chonchi ndi ati?"

"Ndi ochepa, koma sindingawakumbukire."

Mtima unandiwawa. Akanaika zizindikiro, ndikanamaliza tisanapite kokadya masana. M'malo mwake ndinatha sabata yathunthu ndikuwerenga katoni yonse ya mafayilo chilembo ndi chilembo, kusakasaka zokayikitsa zimene munthu anazibisa kuti tsamba likongole.