Pepala la mpunga lomwe ndinapita nalo ku Nsipe

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene amatipatsa madzi m'ngalande za ku Bwanje, amenenso anandigwira pakamwa tsiku lomwe ndikufuna kukuuzanili.

Ndimalima mpunga, ndipo ndili m'kalabu ya mabanja khumi ndi awiri, ambiri a mpingo wathu. Chaka chilichonse tikangokolola, mavenda amafika ndi masikelo awo n'kugula pa mtengo wolira. Timagulitsa poti tilibe kwina.

Ku Nsipe kuli bambo wina wa Chisilamu, mwini golosale ya m'mbali mwa msewu, amene ankandigula thumba limodzilimodzi. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Bambo, bwanji tipangane? Mwezi uliwonse kalabu yathu izikubweretserani matumba khumi a makilo fifite, mpunga wopuntha, wopanda miyala. Mtengo ukhale umodzi miyezi isanu ndi umodzi, Juni mpaka Novembala."

"Mtengo wake uti, amayi? Wa Juni kapena wa Novembala?"

"Wapakati. Pokolola mudzalipira kuposa mavenda. Mpunga ukadzasowa, ife tidzalandira zochepa kuposa za pamsika."

Anaseka. "Ndiye ine ndiyambe kulira, inu mudzalire pomaliza?"

"Tonse tikalira pang'ono, palibe adzagone ndi njala."

Tinamvana zonse. Katundu azifika Lolemba loyamba la mwezi, thiransipoti yathu, kuyeza pa sikelo yake ife tikuona, ndalama pompopompo. Wina akavutika, auze mnzake kudakali sabata. Anangopempha kuti zilembedwe ndipo akuluakulu a kalabu asayine.

Kumsonkhano anthu anawomba m'manja. Atcheya athu, amenenso ndi mkulu wa mpingo, anatseka ndi pemphero lalitali. Patapita masiku awiri anandipatsa envulopu yomata, ya chidindo. Sindinaitsegule. Ndikanaikayikira bwanji ntchito ya munthu amene amatigawira mgonero?

Bambo wa golosale uja anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga mokweza, makasitomala ali pomwepo. Atafika kumunsi anaima, kenako anabwereza mzere womaliza pang'onopang'ono. Unkati mtengo wa pamsika ukatsika, mtengo wa pangano sudzasintha, koma ukakwera, kalabu idzakhala ndi ufulu wokweza.

"Amayi, izi tinakambirana?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye mwandisokera malaya a dzanja limodzi. Juni ndikulipireni zambiri, Okutobala ndikulipireninso zambiri. Ine ndapalamula chiyani?"

Mayi wina amene ankagula sopo anaseka mpaka kugwira kauntala. Bambo uja anapinda pepala bwinobwino n'kundibwezera ndi manja awiri, ndipo ulemu umenewo unandipweteka kuposa chipongwe.

Nditatsika minibasi sindinapite kwathu. Atcheya ndinawapeza pakhonde akukonza tcheni cha njinga.

"Atcheya, mzere uwu anavomereza ndani?"

"Khalani pansi, mayi. Ndi nzeru za malonda zimenezo. Kwacha ikagwa, feteleza akakwera, mudzandithokoza."

"Mukanazinena pamsonkhano. Tikanapempha miyezi itatu, kapena kukwezako mtengo poyamba. Zimenezo n'zoyenera. Koma mwabisa m'envulopu n'kutuma ine."

"Ndimayesa sawerenga mpaka kumunsi. Komanso si wathu ameneyo."

Si wathu. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Munthu amene Lamulungu lililonse amatiphunzitsa kuti Mulungu amanyansidwa ndi miyeso iwiri, anaona kuti muyeso wachinyengo ulibe kanthu ngati wopusitsidwayo amapemphera Lachisanu. Mavenda timawatukwana chifukwa cha masikelo okhota, ife n'kukhotetsa sikelo yathu ndi cholembera, chidindo pamwamba. Mawu oipa anafika pakhosi, koma Ambuye anandigwira. Ndinangoti, "Dzina langa musalitumenso."

Kalabu inakumananso. Ena anakwiya, ena anati atcheya ankatiteteza. Anafufuta mzere uja, koma bambo wa golosale anakana. Anati anthu amene aganiza zothawa pangano asanaliyambe, adzathawa ndithu mpunga ukadula, iye n'kutsala ndi mashelefu opanda kanthu. Sindinamutsutse. Mpunga wa mabanja khumi ndi limodzi unapitanso kwa mavenda.

Ine anandilola matumba awiri pamwezi, pa pepala lomwe ndinalemba ndekha pa kauntala pake. Mu Okutobala mtengo unakweradi, ndipo mavenda anafika mpaka pakhomo panga. Sindiname, mtima unagwedezeka. Ndinapemphera, ndinamanga matumba anga awiri, ndinapita ku Nsipe, ndipo mu Novembala ndinapitanso.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akupatseni mawu amodzi pakamwa ndi papepala. Adalitse minda yanu ndi malonda anu, ndipo amene mwapangana naye, kaya amapemphera kuti, asadzachite manyazi chifukwa chokukhulupirirani. Amen.