Masiku seveni a chithunzi cha atate Fidelis

Dainess Njobvu anabadwira ku Luangwa, komboni ya ku Kitwe, m'nyumba imene chifuwa cha bambo chinali ngati wotchi. Atate ake, a Fidelis, anachoka ku Katete ali mnyamata, nagwira ntchito pansi pa mgodi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anatulukamo ndi satifiketi ya pafelemu, nsapato zachitsulo kumphuno ndi chifuwacho. Dainess anaphunzira kutaipa, nalembedwa ukalaliki pa kiliniki ina yaing'ono ku Nkana East. Pa zaka naini sanatayepo fayilo, ndipo ankanena zimenezi kawirikawiri kuposa mmene anthu ankafunsira.

Chaka chimenecho chifuwa cha a Fidelis chinasintha mawu. Ankatuluka thukuta pogona, lamba anaboola kawiri, koma za chipatala sankafuna kumva. Anzawo atatu a m'kwaya ya ku tchalitchi anapita kukajambulitsa mapapo, ndipo onse atatu a Fidelis anakawaimbira ku manda. Kwa iwo nkhani inali yoonekeratu: chimapha munthu ndi kujambulitsa.

Ndiye kunabwera galimoto yojambula ekisireyi, ya kampani ina ya ku Ndola, yoyendera anthu amene anagwirapo ntchito m'migodi. Inkaima pa kiliniki tsiku limodzi pa chaka. Dainess anachonderera milungu itatu, mpaka anakaitana mkulu wa mphakati wawo. A Fidelis anavomera, koma anaimika chala: "Kamodzi kokha, mwanawe. Kachiwiri mudzandijambula ndili m'bokosi."

Linali Lachinayi. Amuna makumi asanu ndi asanu ndi atatu anaima pamzere, a Fidelis n'kudzikokera kumbuyo mpaka anajambulidwa masana, fotini awazi itadutsa. Mayi wojambulayo atayang'ana pa sikirini anamuitanira Dainess pambali.

"Ine sindine dokota, sisita, sindiloledwa kukamba. Koma ichi chisagone pa tebulo."

Zithunzizo sizinabwere pa pepala. Kampaniyo inaziika pa seva yake, kompyuta yosungira zinthu imene palibe wa pa kiliniki anaionapo, ndipo Dainess analandira imelo ya malinki makumi asanu ndi asanu ndi atatu, lililonse lalitali ngati njanji. Ntchito yake inali yotumiza malinkiwo kwa Dokotala Chiza wa ku Ndola, katswiri wowerenga ekisireyi. Dainess anadina la atate ake. Nthiti zinatulukira, zoyera pa mdima, ndi kachifunga mbali ya kumanja kamene sanadziwe ngati n'kachilendo kapena aliyense ali nako. Anatseka msangamsanga. Kenaka, monga kalaliki wosataya kanthu, anasindikiza malinki onse pa pepala, naboola, namanga m'fayilo. Mumtima mwake zithunzi zinali zasungidwa.

Pa kiliniki imeneyo palibe chinkatuluka pa geti chopanda chidindo cha ba Philemon, woyang'anira ofesi. Lamulolo analilemba okha kalekale makalata akuyenda ndi mesenjala, ndipo intaneti itabwera anangolamula kuti nayonso izidikira chidindo. Lachisanu ba Philemon anali ku wekishopu yophunzira kufulumizitsa ntchito. Lolemba anabwera, koma anali kulemba lipoti la wekishopu. Anadinda Lachiwiri madzulo, mosamala, atauzira kaye mpweya pa chidindo.

Lachitatu m'mawa Dokotala Chiza anaimba foni.

"Ba Dainess, mwanditumizira chiyani? Palibe ngakhale chimodzi chotseguka."

Dainess anadina la atate ake. M'malo mwa nthiti munabwera tsamba loyera ndi timawu tachingerezi tonena kuti saloledwa, nthawi ya pempho yatha. Anadinanso. Anadina la wina. Anatsegula fayilo ija n'kutaipa linki chilembo ndi chilembo kuchokera pa pepala, poganiza kuti mwina la pa pepala silinawonongeke. Yankho linali lomwelo.

Ba Philemon anabwera, magalasi ali pamphuno. Anati ngati vuto ndi nthawi, nthawi ibwezedwe. Anabweza deti la kompyuta kufika Lachinayi lapitalo, napinda manja kudikira. Kompyuta inakana linkilo, n'kuyambanso kukana masamba ena amene kale inkatsegula.

"Netiweki," anagamula motero ba Philemon, n'kubwerera mu ofesi.

Apo m'pamene Dainess anawerenga imelo ija mpaka pansi, kumene kumakhala tizilembo timene munthu wotanganidwa sawerenga. Malinki amagwira ntchito maola fote-eyiti. Zithunzi zimafufutidwa pakatha masiku seveni. Anawerenga pa zala, nabwerezanso, ngati kuti zala zingasinthe maganizo. Tsiku la seveni linali mawa lake.

Ataimba foni ku kampani anamuyankha mtsikana waulemu kwambiri. Malinki atsopano n'zotheka, mukwai, koma pafunika kalata ya kiliniki, yodinda, yobwera pamanja, poti izi ndi zinsinsi za odwala. Ba Philemon anali atapita ku maliro a mlamu wa mnzawo, makiyi a kabati ya chidindo ali m'thumba.

Madzulo a Fidelis anali pakhonde, atafunda jekete dzuwa likadalipo.

"Nanga dokota wako wati chiyani?"

"Akali kuona, atate."

"Sabata yonse? Ndiye kuti wapezamo zambiri." Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa, ndipo Dainess anaona atate ake akupinda kansalu msanga n'kukabisa m'thumba.

Lachinayi ba Philemon anadinda kalata teni awazi, atatsiriza mapemphero a ogwira ntchito ndi kukonza kalembedwe ka deti. Minibasi ya ku Ndola inazungulira kaye kufuna anthu, inaimanso pa rodibuloko. Dainess anafika ku Masala, komboni ya ku Ndola, thwelufu itapitirira, napeza ofesi ya kampaniyo kuseri kwa msika, pamwamba pa shopu ya matayala. Munali mwamuna mmodzi wa ndevu zaimvi, dzina lake Jeremy, woyang'anira makompyuta, akudya chinangwa chootcha.

"Ba Jeremy, zithunzi zathu zafufutika."

"Zafufutika, kapena linki yafa? Ni vinthu viwiri, mayi." Anapukuta manja, nawerenga kalata. "Linki si chithunzi. Ili ngati kapepala ka pa geti ya mgodi, kolembedwa kuti uyu alowe mpaka Chiweru. Chiweru chikapita, mlonda akubweza, koma mgodi ulipo."

"Tinabweza deti pa kompyuta."

"Nonse mumachita zimenezo. Mlonda amayang'ana wotchi yake, osati yanu. Nthawi yothera inalembedwa m'linki momwemo, ndipo seva inasainira. Mukasintha nambala imodzi, siginecha sigwirizana, ikukanani."

"Nanga n'kupangiranji chinthu chakufa msanga chotere? Ndi mapapo a anthu awa!"

"Ndiye chifukwa chake. Linki imeneyi sifunsa pasiwedi. Aliyense amene waipeza, kaya pa foni yobedwa, kaya pa pepala, amaona chifuwa cha munthu ndi dzina lake. Tinati masiku awiri akwana kuti dokota atsitse. Sitinadziwe kuti ku Kitwe linki imayamba yakhala pa benchi."

Dainess sanaseke. Jeremy anatembenukira ku sikirini, ndipo nkhope yake inasiya nthabwala.

"Munajambula Lachinayi lapita? Kuyambira eyiti?"

"Ee."

"Seva imasesa ora lililonse. Chimene chakwanitsa masiku seveni chimapita. Za m'mawa zapita kale." Anayendetsa chala pa mndandanda. "Thate-wanu palibe. Zatsala twente-seveni."

"M'galimoto muja mulibe kope?"

"Makina a m'galimoto timapukuta tikachoka pa malo. Ali ku Mufulira lero, adzaza ndi anthu ena."

"Fidelis Njobvu," anatero Dainess. "Onani Fidelis Njobvu."

Jeremy anafufuza pang'onopang'ono, kapena Dainess ndiye anaona ngati n'pang'onopang'ono.

"Alipo. Fotini twente. Ni ba tata?" Sanadikire yankho. "Ndikupangirani malinki atsopano, a fote-eyiti awazi. Koma mumve bwino: linki yatsopano siwonjezera moyo wa chithunzi. Chikasesedwa, mutsala ndi kapepala kabwinobwino ka pa geti ya mgodi wogumuka. Wina atsitse tsopano."

"Simungaimitse kusesako?"

"Ine ndimapereka malinki chabe. Za kusesa zili ndi a bwana, ndipo pafunika kalata ina."

Dainess anaimbira Dokotala Chiza katatu. Foni inangolira, anali ku wodi. Wotchi ya pakhoma inati thwelufu fote. Lamulo la ba Philemon linkaletsa kalaliki kusunga chithunzi cha wodwala pa chipangizo chake, ndipo Dainess anali asanaphwanyepo lamulo. Anatulutsa fulashi imene munali nyimbo za kwaya, napempha kompyuta ya pa kauntala.

Mafayilo a ekisireyi ndi olemera, ndipo intaneti ya pamwamba pa shopu ya matayala inali ya mtima wake. Jeremy anati ayambe ndi amene atsala pang'ono kusesedwa, a thwelufu koloko, poti a Fidelis anali ndi nthawi mpaka fifitini. Dainess anamva, anamvetsa, n'kudina la atate ake. Kamzere kobiriwira kanayenda, kanaima pakati, kanayendanso. Iye anagwira m'mphepete mwa tebulo, akuopa magetsi, akuopa chingwe, akuopa ngakhale kuyetsemula. Chitatha anayamba za enawo. Sateni awazi itakwana, zinayi zinali zisanatsike, ndipo malinki ake atsopanowo anayankha kuti kulibe fayilo yotero. Mmodzi mwa anayiwo anali woimba besi m'kwaya ya atate ake. Dainess analemba maina awo pa chikhatho, poti pepala sanalikhulupirirenso.

Anampeza Dokotala Chiza sikisitini awazi, mayi wamfupi wosakonda mawu ambiri. Anatenga fulashi, nafunsa ngati ili ndi chidindo, ndipo Dainess anachedwa kuzindikira kuti akumuseka. Kenaka nthiti zija zinatulukanso pa sikirini yaikulu. Dokotala anakulitsa mbali ya kumanja, nayang'ana nthawi yaitali.

"Fumbi la mgodi lilipo, lakale. Koma apa pamwamba pali china, chingakhale chifuwa chachikulu. Chithunzi chokha sichigamula, tiyeze makhololo. Ngati n'chimenecho, mankhwala alipo. Amatsokomola magazi?"

"Amabisa kansalu."

"Abwere mawa. Osati Mande. Ndipo a m'nyumba nonse muyezedwe."

M'minibasi yobwerera ku Kitwe, Dainess anakhala pa mpando wakumbuyo, chikwama atachikumbatira. Anali ndi amuna makumi atatu ndi asanu oti akawauze kuti anavula malaya pachabe, ndi bambo mmodzi woti akamukweze basi m'mawa. Pofika ku Luangwa anali asanapeze mawu oyambira. Anawapeza a Fidelis pakhonde, ndipo iwo atangoona nkhope yake anasuntha pa benchi kumupatsa malo.

"Khala pansi, mwanawe," anatero. "Kamba zonse. Usachotseko."