Inshuwalansi ya Maliro Anga ndi Foni ya Mkamwini

Chaka chimenecho mpunga unandikomera, matumba asanu ndi limodzi gwaa m'chipinda. Ndi chaka chomwecho chimene ndinatsala pang'ono kugula maliro anga pamsika.

Linali tsiku la msika pa Golomoti. Ndikutsatsa tomato wanga, ndinangomva chimkuzamawu: "Amayi, abambo, musadzasiyire ana anu chipsinjo!" Dengu ndinasiyira mnzanga, ine ulendo. Pansi pa mtengo panali bambo wovala tayi, katebulo, ndi buku la zithunzi za mabokosi a maliro. Abale inu, mabokosi! Lina loyera ngati ufa woyera, zogwirira zake waliwali.

"Agogo, iyi ndi inshuwalansi ya maliro," anatero bamboyo. "Mukalipira ya chaka chonse lero kapena msika wamawa, tsiku lanu likadzakwana kampani yathu idzabweretsa bokosi, galimoto, ndi chakudya cha olira."

Mtima wanga unachita phaa. Amuna anga atamwalira, achibale anazula chitseko cha nyumba yathu n'kukhomera bokosi, ndipo tinagona mwezi wathunthu pakhomo pali mphasa. Zimenezo sindinkafuna zidzaonekenso pa ine.

"Nanga boma likukudziwani?" anafunsa mayi wina.

Bamboyo anakweza chipepala cha m'galasi. Ine kuwerenga sindidziwa, koma zilombo za boma ndimazidziwa: mkango uku, kambuku uku, nkhwazi pamwamba. Zonse zinalipo, chidindo chomwe. Ndinaomba m'manja. Mtengo wake unkafuna matumba atatu a mpunga. Anandipatsa kapepala ka dzina la kampani ndi fotokope ya chipepala chija, ndinamanga pansonga ya chitenje, ndipo njira yonse yobwerera ndinkangoimba.

Mwana wanga wamkazi atamva anangoti, "Amayi, musanagulitse mpunga, afunseni kaye bambo a kunyumbaku."

Apo ndiye panali nkhani. Mkamwini wanga ndi mphunzitsi ku Mua, anamanga pamudzi pathu pomwe. Zaka zonsezo ine ndi iwo sitinayang'anizanepo. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire, moni n'kumaponyerana chapatali. Umenewo ndiwo ulemu wa chipongozi umene tinaupeza. Koma foni yodziwa zinthu inali yawo.

M'mawa mwake, pakuti sukulu inali yotseka, tinakonza bwalo lake. Ine ndinakhala kuseri kwa nkhokwe, iwo mbali inayo, mwana wanga pakati kunyamula mapepala.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka, kaya inu aphunzitsi? Taonani mwayi wandigwerawo."

Ndinamva akutsokomola.

"Amayi, pepala ili ndi la boma ndithu. Koma likungonena kuti analembetsa dzina la bizinesi. Lotereli ngakhale wa chigayo ali nalo. Wogulitsa inshuwalansi, kapena kampani yobwereketsa ndalama, imafunika laisensi ina, yochokera kwa oyang'anira za ndalama ku banki yaikulu ya dziko."

"Nanga mkangowo simukuuona?"

"Ndikuuona, amayi."

Ndinanong'oneza mwana wanga kuti, "Amuna akowa akungoumirira mpunga wanga." Koma nong'onong'o wanga amamveka kutsidya kwa dambo.

"Mpunga ndi wanu, amayi," anayankha akuseka. "Kungoti zinthu zina mukagula n'kupeza zowola mumabweza nokha. Izi tsiku lokadandaula inu mudzakhala mutagona. Tifunse muli maso."

Ndinaseka mpaka kutsamira nkhokwe. Mkamwini ameneyu, kani ali ndi pakamwa chonchi!

Anati banki yaikuluyo imaika poyera mndandanda wa makampani onse ololedwa, ndipo unali m'foni mwawo. Anayamba kuwerenga maina a makampani a inshuwalansi, limodzilimodzi, mokweza. Ine dzina la kampani yanga ndinali nditaliloweza ngati pemphero. Dzina lililonse likamayamba, ndati ndi limeneli. Ayi. Linanso. Ayi. Mpaka anati, "Athera pamenepa."

"Foni yanuyo ndi yaing'ono, maina ena atsakamira kunsi."

"Chabwino, tiwaimbire a ku banki eni ake. Mwina mndandandawu ndi wakale."

Nambala anaitenga pomwepo pamene panali mndandanda, osati pa kapepala ka bambo uja. Anatsegula mawu kuti tonse timve, mwana wanga n'kuika foniyo pamtondo wovundikira, pakati pathu. Inalira, inalira, wina anayankha, anatipereka kwa wina. Kenaka mawu a mayi, aulemu ake, m'Chichewa chathu chomwechi. Ine ndinkayesa kumeneko amalankhula Chingerezi chokhachokha!

Aphunzitsi anatchula dzina lija, chilembo ndi chilembo. Tinadikira. Nkhuku inadumphira pamtondo, mwana wanga anaiingitsa ndi chitenje.

"Dzina limeneli m'kaundula mwathu mulibe," anatero mayiyo. "Sitinawapatse laisensi. Kampani yololedwa imapachika laisensi yathu mu ofesi mwake, ndiponso wogulitsa inshuwalansi m'malo mwa kampani amayenera kukhala wololedwa payekha. Musalipire chilichonse. Munthuyo mwamuona kuti?"

Zimene zinandigwira sindizidziwa. Ndinangozindikira ndaimirira, ndazungulira nkhokwe, ndawerama pamtondo, ndikukuwa.

"Pa Golomoti, mwanawe! Pansi pa mtengo, pafupi ndi ogulitsa mbuzi! Wavala tayi, ali ndi mpata m'mano! Ndi ineyo mwini maliro ndikulankhula!"

"Zikomo agogo, ndalemba," anatero akudziletsa kuseka. "Muwauzenso anzanu."

Nditadzutsa mutu, maso anga anagwera m'maso mwa mkamwini wanga, pafupi ngati apa ndi apo. Kani ali ndi imvi m'ndevu! Iwo anagwetsa nkhope, kufuna kuthawa, n'kupunthwa pamunsi. Mwana wanga anagwa pansi ndi phwete. Ine manyazi anandipeza mochedwa, nditafika kale kunyumba kwa mnzanga uja wa dengu, amene anali atayitana kale wogula mbuzi yake kuti nayenso akalipire inshuwalansi ija.

Tsiku limenelo ndinayenda makomo asanu ndi awiri osamva n'kuwawa kwa bondo komwe. Paliponse ndinkangoti, "Mkango wa papepala usakunamizeni, funsani laisensi ya ku banki yaikulu. Ine ndalankhula nawo ndekha!" Msika wotsatira tinapita gulu, mafunso ali kukamwa. Bambo uja anamvetsera, anati laisensiyo waiiwala ku ofesi, akaitenga. Anapinda katebulo kake, kukwera minibasi, osaonekanso. Amayi awiri a kutsidya anali atalipira kale, ndipo anapita kukadandaula kupolisi.

Mpunga wanga unatsala wonse. Komabe madzulo ake ndinakhala pakhonde khuma, poti maliro anga anabwerera pomwe anali. Ndiye ndinamva kutsokomola kuseri kwa nkhokwe.

"Amayi, ine ndili ndi inshuwalansi ya maliro imene amandidula pamalipiro. Ndafunsa, akuti apongozi amaloledwa kulembedwapo. Ndikulembetsani."

"Kampani yakeyo ili pamndandanda?"

"Ilipo, amayi."

"Werenganinso ndimve."

Anawerenga, ndipo inalipodi. Ndinaimba nthungululu mpaka agalu anauwa.

"Koma pali lamulo limodzi," anatero. "Pali miyezi yodikira. Mukamwalira ndi matenda isanathe, salipira."

Miyezi imeneyo ndinadzisamala ngati dzira. Neti ndinkagonamo ngakhale kutenthe bwanji, madzi ndinkamwa a pamjigo okha, chifuwa chikangoti khoo, ine pa kabaza kuchipatala ku Mua. Anamwino anafika pondizolowera. Tsiku limene aphunzitsi anakuwa kuseri kwa nkhokwe kuti miyezi yakwana, ndinapha tambala, chiwindi n'kuwatumizira iwo.