Kathovu Pansi pa Chotsekera

Mayi Tayani sindiwakonda, ndipo iwonso sandikonda. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asaganize kuti ndikulemba zoyamikira mnzanga. Ndikulemba za munthu amene anandigonjetsa pa mtsutso, ine amene kuyunivesite aphunzitsi ankakhota njira akandionera patali.

Dzina lakuti Tayani si la makolo awo. Analipeza m'labotale yathu yopima madzi, chipinda chachitali cha mawindo atatu, masinki awiri ndi kabati ya asidi yomwe chitseko chake timachimanga ndi waya. Munthu akabwera ndi botolo la madzi a mumtsinje, iwo amalinyamula, kulizondotsa poyang'ana kuwindo, ndipo akaona kathovu ngakhale kochepa ngati diso la nsomba amangoti, "Tayani." Safotokoza, sapepesa. Analowa ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo ngati wotsuka mabotolo. Kupima anaphunzira poonerera anthu amene onse anapuma kale pantchito. Pachala chachikulu chakumanja ali ndi chipsera cha asidi, ndipo kunyumba amasunga ana atatu a mchimwene wawo amene anamwalira. Satifiketi ya ntchitoyi alibe.

Ine ndinafika ndi digiri, nsapato zatsopano ndi pakamwa. Tsiku loyamba lomwe anandipatsa dzina.

"A Digiri, mabotolo anu mukatha muzitsuka nokha. Wotsuka anakwezedwa kalekale."

Ntchito imene inatidanitsa ndi yopima okosijeni wosungunuka m'madzi, mpweya umene nsomba zimapuma. Kumtunda kwa mlatho wina kuli malo ophera ng'ombe, ndipo ngalande yawo imathira mumtsinje. Zonyansa zikamaola m'madzi zimadya okosijeni. Malire amene ofesi yathu imatsata ndi akuti okosijeni asachepere mamiligalamu asanu pa lita. Kwa miyezi isanu ndi umodzi Mayi Tayani ankapeza atatu ndi pang'ono pamlathopo, ndipo mwezi uliwonse manijala wa malo opherawo ankalandira kalata yomuchenjeza. Iye anadandaula kwa abwana athu kuti mayi wosaphunzirayo akungomuda.

Lachiwiri lina mayiwo anaperekeza mwana kuchipatala, choncho kumtsinje ndinapita ine ndi adalaivala. Madzi anali akuda, onunkha. Ndinayang'ana matope, ndinayang'ananso nsapato zanga, ndipo ndinaponya ndowa ya chingwe ndili pamwamba pa mlatho. Ndinaikoka, n'kukhuthulira madzi m'botolo la galasi la mamililita mazana atatu. Mankhwala ndinathira pomwepo monga buku limanenera: oyamba a manganizi, achiwiri a soda waukali wosakaniza ndi ayodaidi. Nditatseka, pansi pa chotsekera panatsala kathovu ngati nyemba. Ndinakaona. Ndinati ndi kachabe.

Kulabotale ndinapeza 5.3. Abwana anamwetulira monga munthu amene wachotsedwa munga kuphazi. Madandaulo a manijala anali atawatopetsa, ndiponso anali atayamba kale kunena kuti labotale yamakono imafuna anthu a mapepala. M'mawa mwake anatiitana tonse awiri.

"Mayi, mnyamatayu wapeza kuti madzi ali bwino. Ngati nambala yake ili yoona, ndiye kuti miyezi isanu ndi umodzi takhala tikunamizira anthu. Zikatero ndikusamutsirani kusitolo muzikawerenga magolovesi, ndipo mapepala onse amene munasaina tiwachotsa."

Mayi Tayani sanayang'ane abwana. Anandiyang'ana ine ndi diso la nkhwezule.

"Munatunga bwanji?"

Ndinayankha ndi phunziro lathunthu. Ndinafotokoza kuti manganizi amagwira okosijeni, kuti asidi akathiridwa amamasula ayodini wofanana ndi okosijeni amene anagwidwa, kuti ayodiniyo timamuyeza ndi thayosalufeti. Ndinalemba ngakhale masamu ake pabolodi. Zonse zinali zoona.

"Ndamva, a Digiri. Munatunga bwanji?"

Adalaivala anali pakhomo kudikira makiyi, ndipo munthu ameneyu chinsinsi chimamuyabwa m'kamwa.

"Anatungira pamwamba, mayi, ndi ndowa. Nsapato zija sizoponda nazo matope."

Mayiwo anatsonya. Ine mtima unandipsa, ndipo ndinati ndowa ndi madzi omwewo, kathovu ndi kanthu kosawerengeka, ndiponso sayansi siyendera zizolowezi za anthu otsuka mabotolo. Mawu omalizawa ndinawanena dala, ndipo analasa pamene ndinalozapo.

"Chabwino," anatero iwo motsitsa. "Mawa nthawi yomweyo tonse kumlatho. Inu ndi ndowa yanu, ine ndi manja anga otsukira mabotolo. Byureti yopimira agwire abwana okha. Manijala wanuyo abwerenso, asadzati ndinalodza madzi."

M'mawa wa Lachinayi tinaima pamlatho anthu asanu. Manijala anafika atavala tayi, mpango uli pamphuno, ngati fungolo linali la wina. Ine ndinachita monga poyamba, ndipo pofuna kuonetsa kuti sindikuopa, kathovu kaja ndinakasiya momwemo.

Mayi Tayani anavala majombo awo akale, lakumanzere lobooka pachidendene, n'kutsetsereka pagombe. Analowa mpaka m'mawondo, n'kuima kudikira kuti matope amene anavundula apite ndi madzi. Kenaka anayang'ana kumtunda, anapendeketsa botolo, n'kulimiza pang'onopang'ono kuti madzi atsetsereke m'mbali mwa galasi osachita phokoso. Litadzaza analigogoda ndi chala kuti timathovu tomatirira tituluke, ndipo anatsekera pansi pa madzi pomwepo. Atafika pagombe anatsegula, anathira mankhwala awiri aja nsonga ya pipeti, kachubu kothirira mankhwala, ili m'kati mwa madzi, n'kutsetsereza chotsekera chopendekeka mpaka madzi anasefukira m'mbali. Analizondotsa kuwala kwa dzuwa. Munalibe kanthu. Anagwedeza, anadikira kuti zoyandama zikhazikike, anagwedezanso.

Anaika botolo lawo pafupi ndi langa pamwamba pa galimoto. M'mabotolo onse munali zinthu zoyandama ngati thonje lonyowa, koma za m'botolo langa zinali zofiirira kwambiri, zawo zotuwa. Ndinadziwa tanthauzo lake: kufiirira ndiko okosijeni. Manijala sanadziwe, ndipo analoza botolo langa.

"Taonani, la mnyamatayu ndiye lakuda. Lawolo likuoneka loyera bwino."

"Mukondwere nalo loyeralo, bambo," anatero Mayi Tayani akukhuthula madzi m'jombo. "Likadzayera mbee ngati mkaka ndiye kuti mumtsinje simunatsale chopuma."

Kulabotale abwana anavula jekete monyinyirika. Anathira asidi m'mabotolo onse, zoyandama zija zinasungunuka, madzi n'kusanduka achikasu chodera cha ayodini. Anayeza mamililita mazana awiri a botolo langa, n'kuwaika pansi pa byureti, chubu chija chachitali chagalasi cha manambala ndi kampopi kumunsi. Thayosalufeti wathu timamusungunula mwa mlingo wakuti mililita imodzi iimire miligalamu imodzi pa lita, choncho nambala ya pabyureti ndiyo yankho. Anadontheza mpaka chikasu chinafooka ngati udzu wouma. Anathira sitachi, madzi anada buluu. Dontho, dontho, dontho, buluu anazimirira.

"5.1," anatero abwana, n'kuyang'ana mayiwo mopambana.

"Dzadzaninso byureti. Ndipo diso likhale molingana ndi madzi, abwana, musawerengere kumwamba ngati muli pamlatho."

Botolo lawo linayera pa 3.3.

M'chipindamo munangomveka mpopi wa sinki umene sutsekeka. Mtsinje umodzi, ola limodzi, mankhwala amodzi, dzanja limodzi pabyureti. Manijala anati mwina mayiwo anatunga pamalo oipa dala. Mayi Tayani anamuuza kuti majombo alipo, akasankhe yekha malo abwino. Manijala anatuluka osatsanzika.

Ine sindinagonje msanga, pakuti si khalidwe langa. Ndinatenga pepala kuti nditsimikize ndi masamu kuti kathovu sikangasinthe kanthu. Mililita imodzi ya mpweya, womwe ndi mlingo wa kathovu kanga, ili ndi okosijeni wopitirira pang'ono kota ya miligalamu. M'botolo la mamililita mazana atatu, ameneyo akukwana pafupifupi miligalamu yathunthu pa lita, ndipo manganizi safunsa ngati okosijeni wachokera mumtsinje kapena m'kathovu: amagwira yense. Okosijeni wina wowonjezerayo analowa pamene ndowa inamenya madzi ndi pamene ndinkakhuthula, chifukwa madzi osowa okosijeni amamwa mpweya mwaludzu akangovundulidwa. Masamu anga omwe anandiweruza. Ine sindinapime mtsinje. Ndinapima mtsinje wosakaniza ndi mpweya wa pamlatho.

Pano ndiyenera kutsutsa anzanga amene amati nkhaniyi ikusonyeza kuti sukulu ndi yachabe. Ayi. Mayi Tayani sangalembe masamu amene ndalembawa, ndipo nditawaonetsa pepalalo anati, "Ndiye mumafuna pepala kuti muone thovu?" Chimene iwo ali nacho ndi china: zaka zambirimbiri akulowa m'madzi onunkha popanda wowaona, pamene ndowa inali pomwepo ndipo nambala yabodza ikanakondweretsa aliyense. Ndimavomereza zimenezo. Sindivomereza kuti zimawapatsa ufulu wolankhula ndi anthu ngati agalu.

Kusitolo sanapite. Mapepala awo anatsala m'faelo, ndipo langa la 5.3 abwana anandiuza kuti ndilembepo ndi dzanja langa chifukwa chimene lachotsedwera. Kalata yachisanu ndi chiwiri inapita kwa manijala. Abwana sanapepese kwa mayiwo, ndipo ine ndinapepesa theka: ndinati mawu aja a otsuka mabotolo anapitirira muyeso.

"Sanapitirire," anatero. "Ndinatsukadi. N'chifukwa chake ndimadziwa za m'kati mwake."

Mwezi wotsatira anandiponyera majombo aja pamapazi.

"Lakumanzere limalowa madzi. Muzolowera."

Ndinalowa mumtsinje katatu m'mawa umenewo, chifukwa mabotolo awiri oyamba ndinawataya ndekha. Lachitatu ndinaliika patebulo pawo sokosi ikudontha. Analinyamula, anapita nalo kuwindo, analizondotsa. Anafunafuna nthawi yaitali, ndipo ndikulumbira kuti ankalakalaka kupeza kanthu. Kenaka analiika pansi n'kutambasula dzanja kutenga asidi.

"Dzina la malo mwalemba mokhota, a Digiri."

Silinali lokhota. Tinakangana za ilo mpaka nthawi yopuma masana.