Nzimbe za Sitandade 4

Ndinali mphunzitsi wogwirizira pasukulu ina ya ku Lirangwe, wopanda satifiketi, ndipo kuti ndipite ku koleji pankafunika lipoti labwino la oyendera sukulu. Lipoti likaipa, ntchito inkatha ndi teremuyo. Ahedi atandiuza kuti oyenderawo abwera Lachinayi kudzaonera masamu, ndinayamba kukonzekera tsiku lomwelo.

M'kalasi mwanga munali ana opitirira zana, okhala pansi mothithikana, pomwe mabuku a masamu anali asanu ndi limodzi, ena othothoka masamba. Mutu unali wa mafulakishoni. Ndinalemba pulani ya phunziro katatu konse. Choyamba ndiwakumbutse kuti magawo amayenera kukhala ofanana. Kenako ana akhale m'magulu khumi, gulu lililonse ndi ndodo ziwiri zotalika mofanana, ina yodulidwa pawiri, inayo panayi. Aike makota awiri pambali pa hafu imodzi, aone okha kuti n'zofanana, ndipo pomaliza ndilembe pabolodi 2/4 = 1/2.

Poyeserera kunyumba ndinkagwiritsa ntchito mapesi. Koma kufuna kuoneka wochenjera kunandipweteka. Ndinati mapesi n'zochititsa manyazi pamaso pa mlendo wochokera m'tauni, ndiye ndinakagula nzimbe pamsika, n'kuziyeza ndi rula, n'kuzidula bwinobwino. Ndinaiwala kuti chaka chimenecho mvula inadula msanga, ndipo ana ambiri ankabwera kusukulu m'mimba mulibe kanthu.

Lachinayi litakwana, oyenderawo anakhala kumbuyo, baji ili pachifuwa, pulani yanga ili pamwendo. Ndinagawa nzimbe zija, n'kutembenuka kuti ndijambule pabolodi. Kumbuyo kwanga kunangoti zii, ndipo kenako ndinamva kutafuna. Pocheuka, nzimbe zophunzirira zija zinali zitatha. Panalibe phokoso kapena kulimbirana. Ankangoluma n'kupatsirana, maso ali pansi. Ndodo yokwapulira inali patebulo, koma dzanja langa linakana. Ndinamaliza phunziro ndi choko basi.

Mu ofesi ya ahedi oyenderawo anandiuza mwaulemu kuti pulani inali yabwino, koma mwini wake sangathe kugwira kalasi. Masiku amenewo wamkulu akanena, sunkayankha.

Nditabwerera m'kalasi kukasesa makoko, ndinapeza mtsikana wina, wosalankhulalankhula, akulimbana ndi kota ya nzimbe imene anabisa m'diresi. Ankafuna kuithyola pakati. Anati ndi ya ang'ono ake awiri kunyumba, ndipo anandipempha rula kuti wina asalire.

Ndinamufunsa kuti aliyense adya gawo lanji la nzimbe yonse ija. Anawerenga zala kanthawi.

"Limodzi mwa magawo eyiti, aphunzitsi."

Zimenezo ndinali ndisanawaphunzitse. Ndinayang'ana panja, koma galimoto ya oyendera aja inali itapita kale kumsewu wa ku Blantyre. Ndinamudulira ndekha ndi mpeni, misozi ili m'maso, ndipo teremu itatha ntchito yanga inathera pomwepo, sindinamuphunzitsenso.