Dandaulo la Mayi Eveline pa Masipika a Festus

Mayi Eveline Kamdzeka anabadwira ku Msakambewa, m'banja la alimi a fodya. Anakwatiwa akadali aang'ono, ndipo mwamuna wawo anawatenga chitengwa kupita nawo kumudzi kwawo, kuseri kwa mapiri cha ku Ntchisi. Anabereka ana awiri, nalima chimanga ndi mtedza zaka zingapo. Kenaka bambo aja anadwala chifuwa chosamva mankhwala, namwalira.

Chimene chinawachotsa pamudzipo sichinali imfayo ayi, koma pakamwa pa anthu. Mlamu wawo wina anangonena kuti anawaona akucheza ndi wogula mtedza pamsewu. Mawuwo pofika kuchitsime anali atasanduka chibwenzi, pofika kwa apongozi anali atasanduka chifukwa cha malirowo. Panalibe amene anawafunsa eni ake. Anangouzidwa kuti munda aubweze, iwo namanga katundu wawo.

Atakhala kwawo nyengo ziwiri, anapeza ntchito pachipatala cha pa Dowa Boma: kukolopa m'mawodi, kusintha nsalu za pabedi, kukankha odwala pa njinga. Ntchitoyo anakalamba nayo. Ana anakula n'kupita ku Lilongwe, iwo natsala okha m'nyumba ya lendi, m'mpanda wa a Aroni Mbedza. Munali mdadada wa nyumba zinayi, mpopi umodzi pakati, ndi mtengo wa mapeyala umene aliyense ankamangirapo chingwe choyanikira. A Mbedza eni ake ankakhala kutsidya kwa msika, kuseri kwa golosale yawo.

Sabata zina Mayi Eveline ankagwira ya usiku. Zikatero ankafika kunyumba dzuwa litatuluka, n'kusamba, kumwa tiyi, kupachika bulangete pawindo kuti mukhale mdima, n'kugona mpaka masana. Anansi ankadziwa, ndipo ana akamasewera ankawakusira kunja kwa mpanda.

Ndiye kunabwera Festus ndi mkazi wake Tikondwe, nalowa nyumba yogundizana khoma ndi yawo. Festus ankabwereketsa masipika pa maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mpingo, komanso ankakonza a anzake akawonongeka. Anali munthu wansangala, wopatsa moni asanafike pafupi. Koma sipika ikakonzedwa imafuna kuyesedwa, ndipo iye ankayesera pakhonde, m'mawa, magetsi akangoyaka. Ikagunda, malata ankanjenjemera, makapu a Mayi Eveline n'kumagundana okha m'kabati. Anzake ankabwera kudzamvera, aliyense n'kumafuula kuti amveke pamwamba pa nyimbo.

Mayi Eveline anayamba apirira. Kenaka anamupeza Festus pampopi namuuza mwaulemu. Iye anapepesa kwambiri, mpaka kugwira pamtima, ndipo kunakhaladi bata. Koma sabata isanathe zinayambiranso. Analankhula ndi Tikondwe, amene anangoyang'ana pansi nati, “Amayi, ndimawauza. Amati magetsi akathima ntchito iima.”

Tsiku lina ali kuntchito, Mayi Eveline anatsamira khoma la mu wodi ali ndi mopu m'manja, ndipo anadzidzimuka namwino akuwagwedeza paphewa. Anali atagona chiimire. Namwinoyo sanawakalipire, anangowafunsa ngati akudwala. Manyazi amene anawagwira ndi amene anawatuma kwa eni nyumba.

Mayi Mercy, a nyumba yakumapeto, atamva za ulendowo anabwera msangamsanga, manja ali ndi thovu la sopo.

“Mukapita musakanene za phokoso lokha, sakamva a Mbedza aja. Mukawauze kuti anyamata amene amabwerawa amasuta chamba kuseri kwa bafa. Komanso masipika enawa akuti ndi akuba.”

“Munawaona akusuta?”

“Aa, inunso! Aliyense akudziwa. Nkhani yopanda nsinjiro siikoma.”

Mayi Eveline anangomwetulira, namanga mpango wawo. Anali ndi mkwiyo ndithu, ndipo m'njira monse mawu a Mayi Mercy ankawabwerera ngati ntchentche. Ankadziwa kuti akangowanena, nkhani itha tsiku lomwelo.

Anawapeza a Mbedza ali pakhonde la golosale, akusankha mbewu ya mtedza m'lichero. Anali bambo wamtali, wouma thupi, amene anamanga nyumba zake m'zaka zimene fodya ankayenda bwino. Anawapatsa mpando, nafunsana za moyo, za ana, za mvula imene inkachedwa. Zitatha izo Mayi Eveline anayamba.

“Bambo, ndabwera ndi dandaulo. A Festus amayesa masipika awo pakhonde m'mawa, mokweza kwambiri. Sabata imene ndikugwira ya usiku, nthawi imeneyo ndiyo yanga yogona, ndipo sindikugona. Ndinalankhula nawo, anapepesa, anasiya masiku ochepa n'kuyambiranso. Ndinalankhulanso ndi akazi awo. Ndiye ndati ndifike kwa inu eni mpanda.”

A Mbedza anaika lichero pansi. Maso awo anawala mwa mtundu wina.

“Mwachita bwino, mayi. Mnyamata ameneyu ine ndamva zambiri. Akuti pamabwera anthu osuta?”

“Pamabwera anzawo, amalankhula mokweza. Zosuta sindinazione.”

“Nanga usiku? Simumva ndewu, kapena kulira kwa mkazi?”

“Usiku umene ndimakhalapo kumakhala zii. Amagona msanga kuposa ine.”

“Katundu uja, mukuona ngati ndi wake?”

“Sindikudziwa, bambo. Ndimaona anthu akubwera nawo, ena akudzatenga. Za umwini sindinafunse.”

A Mbedza anakanda chibwano. Kenaka anatsitsa mawu, ngati akuwauza zabwino. Mphwawo wina anali atapeza ntchito kukhonsolo ndipo ankafuna nyumba. Kungomutulutsa Festus popanda chifukwa anthu akanawanena, makamaka ku mphakati wa kutchalitchi kumene a Mbedza anali mkulu. Koma patakhala umboni wa munthu wodziwika ngati Mayi Eveline, notisi ikanatuluka mawa lomwe.

“Inu mungonena kuti khalidwe lake silili bwino. Zinazo ndimaliza ine. Mphwangayo ndi wofatsa, mudzagona mpaka kutopa nako.”

Mayi Eveline tulo ankatifuna ngati madzi. Anaganiza za Tikondwe, amene mimba yake inali itayamba kuoneka, akukweza mbale ndi mphasa pangolo mvula ili pafupi.

“Nyumba ndi yanu, bambo, mukafuna kuitenga mutenga mwa njira yanu. Koma ine sindinabwere kudzachotsetsa munthu. Ndikupempha kuti phokoso lichepe m'mawa wa sabata zanga za usiku. Ndanena zimene ndamva ndi makutu anga, ndipo ndingazinenenso iwo ali pompano.”

A Mbedza anatolanso lichero lawo. “Chabwino. Lamulungu tikaweruka ku Misa, mubwere nonse.”

Nkhani inafika kumpanda iwo asanafike. Masiku otsatirawo Festus sanawapatsenso moni, ndipo Tikondwe ankadikira kuti iwo achoke pampopi asanatuluke ndi ndowa. Masipika anali chete, koma bata lake linali lolemera. Mayi Eveline anagona, koma osati mokoma.

Lamulungu Festus anafika atavala malaya oyera, nkhope ili gwa, ndipo anayamba kulankhula asanakhale n'komwe.

“Bambo, ndamva zonse. Akuti ndine wakuba, akuti ndimagulitsa chamba. Ine ndili ndi anthu amene angandichitire umboni…”

“Khala pansi,” anatero a Mbedza. “Mayi, nenani zimene munandiuza.”

Mayi Eveline ananena zomwe zija, osawonjezera, osachotsa: masipika pakhonde, m'mawa, sabata za usiku, kupepesa, kuyambiranso. Atamaliza anapinda manja pamiyendo.

Festus anadikira. Atawona kuti palibe china chikubwera, anayang'ana a Mbedza.

“Basi?”

“Basi. Ndinawafunsa zinazo, anati sanazione.” A Mbedza ananena zimenezi mosakondwa kwenikweni, koma ananena.

Festus anapukuta kumaso ndi chikhatho. Mawu onse amene anakonzekera analibenso ntchito.

“Zimenezo ndi zoona,” anatero pang'onopang'ono. “Anandiuzadi. Vuto langa ndi magetsi, amayi. Akayaka ndimathamangira, chifukwa sindidziwa kuti athima liti. Komanso kunena zoona sindidziwa sabata imene muli pa usiku. Ndimangoona chitseko chotseka.”

Apa Mayi Eveline anazindikira kuti mbali imeneyo sanaifotokozepo bwino. Anavomera. Anagwirizana kuti sabata yawo ya usiku ikamayamba azimuuza Tikondwe, ndipo sabata imeneyo Festus azigwira zamawaya mwakachetechete m'mawa, kuyesa mokweza kudikire mpaka iwo atadzuka. Anzake ocheza azikakumana nawo kumsika. Nanga magetsi akathima masana ukwati uli mawa? Pamenepo anakambirana nthawi yaitali, mpaka a Mbedza, atatopa, anati kuseri kwa golosale kuli shedi yakale ya fodya imene ili ndi soketi, azikayesera kumeneko m'mawa zikavuta.

“Koma ndikamvanso dandaulo, notisi,” anawonjezera, kuti asaoneke ofewa.

Pobwerera anayenda njira imodzi, Festus patsogolo pang'ono. Pafupi ndi mpanda anatembenuka nati, “Amayi, ndinakuganizirani zoipa.” Iwo anangoti, “Zatha,” nalowa m'nyumba.

Mayi Mercy sanakondwe. Anati mwayi unabwera wokha n'kuutaya, ndipo kwa mwezi wathunthu moni wawo unali wa pakamwa pokha. Mphwawo wa a Mbedza anapeza nyumba kwina.

Pangano silinayende mosalala nthawi zonse. M'miyezi ya maukwati, anthu atagulitsa fodya, Festus ankaiwala, phokoso n'kuyambanso. Mayi Eveline ankadzuka, kufunda chitenje, n'kukaima pakhomo pake osanena kanthu. Iye ankathamangira kotsitsa, akudzimenya pamphumi. Kwa a Mbedza sanapitekonso.

Tikondwe atayamba kumva kupweteka, anali Mayi Eveline amene anamunyamulira beseni ndi zitenje kupita naye kuchipatala, chifukwa Festus anali ku chinkhoswe ku Ntchisi ndipo msewu unali woterera. Kunabadwa mwana wamkazi wa mawu amphamvu, amene ankalira m'mawa, masana, sabata ya usiku ndi ya usana yomwe. Za ameneyo Mayi Eveline sanadandaule kwa wina aliyense. Ankati akalephera kugona, ankapita kukamutenga kuti mayi ake achape.

Patapita zaka ziwiri Festus anapeza kashopu kumsika nasamutsira masipika onse kumeneko, koma banja linakhalabe mumpandamo. Mayi Eveline atsala pang'ono kupuma pantchito. Anagula kamunda ku Msakambewa, pafupi ndi kwa mchemwali wawo, ndipo chaka chino abzalamo mtedza.